Matumba Awiri a Usipa

Bambo wina wogulitsa usipa, amene ankachita lendi m'chipinda changa chakuseri, anachoka m'mawa wina osabweranso. Foni yake inali yozima. Ndinakanena kupolisi, ndinamata chidziwitso pachitseko, china ndinakasiya kudoko kumene ankapikula nsomba. Palibe anabwera.

Tsiku lothyola loko ndinaitana atcheyamani a m'dera lathu ndi mboni ziwiri. Tinalemba zonse m'kope: matiresi, mbaula, wailesi, matumba awiri a usipa wouma. Tonse tinasaina, ine n'kutsekera katunduyo mosungira chimanga changa.

Dzinja litafika usipa uja unachita nkhungu, fungo mpaka kumsewu. Ndinakaukwirira kudzala ndekha, osaitana munthu, osalemba. Ndani amaitanira mboni zinthu zowola?

Mvula itatha kunabwera mkulu wake wa bambo uja kuchokera ku Khombedza. Anatsata kope lija ndi chala, n'kuima pa usipa. "Mayi, matumba awiriwa ali kuti?" Atcheyamani anangoti iwo anasainira matumba awiri, zina sakuzidziwa.

Matiresi anatuluka osabooledwa ndi khoswe, koma zikomo sindinamumve. Mpaka lero kumsika ndine mayi uja anadya usipa wa eni ake.