Amatayala ndi Mpoto Wolira

Amatayala akhala akumata machubu m'mbali mwa msewu chiyambire unyamata, ndipo nzeru ali nayo imodzi basi: chilichonse chotulutsa mpweya chabooka. Mkazi wawo anasiya kalekale kuwatsutsa.

Mpoto wa presha wa mkaziyo utayamba kutaya nthunzi m'mbali mwa chivundikiro, nyemba osapsa, bambowo anaulanda monyada. Anadula chubu chakale n'kuchipanikiza m'malo mwa mphira ya m'chivundikiro yomwe inali itauma n'kung'aluka. Ataona kabowo kapamwamba kotulukira nthunzi, anakamatanso ndi guluu.

Mayiyo anangowayang'ana. Munthu wa imvi, koma mutu ngati wongonyamulira chipewa. Mpotowo sanauike pamoto. Anakagula mphira ya saizi yake, natokosa kabowoko ndi waya mpaka kuwala kunaonekera, n'kubwezerapo kachitsulo kamene kamakhala pakabowoko. Atauika pamoto, m'mbali munati zii, pamwamba pokha ndi pomwe pankalira.

Madzulo Amatayala anatchera khutu pakhomo la khitchini.

“Amayi, ukuthawabe mpweya uwu. Mwandiwonongera ntchito.”

“Ukupuma, bambo,” anayankha osatembenuka. “Ndikanausiya mutaumata pakamwa ngati mmene munandimatira ine, bwenzi pano tikutola nyemba kudenga.”