Mpando wa Mai Chikolopa

Dzina loti Mai Chikolopa ndinawapatsa ndine, ndipo sindinawapatse mwachikondi. Zaka khumi ndi ziwiri akhala akukolopa wodi ya abambo pachipatala chathu. Chilankhulo cha madokotala achilendo anachitolera kukhitchini, akulera ana a eni ake. Ine ndinachiphunzira ku koleji, satifiketi ili mufelemu. Ndiye mpando wa womasulira utatuluka, umodzi wokha, ndani akanaganiza zoti tingapikisane?

Adokotala anati atiyesa pa odwala enieni. Ndinayamba ine, pa bedi la agogo ena odikira opaleshoni ya chophukacho. Adokotala anawafotokozera kuti bala lidzapweteka, ndipo adzakhala milungu ingapo osanyamula katundu. Akuvomera?

Agogo anati, "Walira mvula walira matope."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osaphonya: wopempha mvula wapemphanso matope. Adokotala anasuzumira pawindo. Dzuwa linali phwee! Anatsitsa cholembera n'kufunsa nesi ngati mutu wa agogowa ukuyenda bwino, poti munthu wosokonezeka sangasainire opaleshoni.

Mai Chikolopa anatsokomola. "Adokotala, akuti opaleshoniyi aifuna okha, ndiye zowawa zake azilandiranso. Avomera."

Basitu. Mvula anaitaya, matope anawataya, koma cholembera chinadzukanso.

Adokotala posangalala anaponya mwambi wakwawo, woti kusoka kamodzi msanga kumapulumutsa kusoka kasanu ndi kanayi. Ine ndinaupereka momwemo. Agogo anagwira pamimba.

"Andisoka kangati, mwanawe?"

"Ayi bambo," anatero maiwo, "akuti kuwongola mtengo m'poyamba."

Agogo anaseka n'kupempha pepala loti asaine.

Pakhonde ndinawatsekera njira maiwo. "Mai, zija si zimene ananena. Kumeneko n'kunama."

"Achimwene, mawu anu onse anali olondola," anatero akufinya chikolopa. "Koma mwambi suli pa mvula. Ine ndimayamba ndadzifunsa kuti munthuyu akutani: akuvomera, akukana, kapena akulangiza? Kwinako ukakhalako mwambi wogwira ntchito yomweyo, ndimatenga umenewo. Ukasowa, ndimangonena tanthauzo."

Kundiphunzitsa ine! Chinandiwawa kwambiri n'choti sananene monyada. Akananyada, bwenzi ndikudana nawo bwinobwino.

Nsanje ndinali nayo, sindibisa, ndipo ndikadali nayo. Odwala amawaitana asanavule n'komwe juzi. Ine amandipatsa moni waulemu, umene timapatsa alendo.

Lolemba m'mawa maiwo anandipeza kuofesi ya mafayilo, kumene ndinabwerera ku ntchito yanga yakale. Anali ndi fomu yolandirira mpando uja, ataigwira ndi manja awiri.

"Achimwene, inu ndinu a sukulu. Kuyankhula ndimatha, koma kulemba kumandivuta. Tandilemberani."

Ndinakhala pansi n'kuwalembera, mzere uliwonse. Sindinalakwitse ngakhale liwu limodzi.