Mbewa za kumalire a munda

Makoswe atatilowera chaka chimenecho, ine ndi amene ndinapita ku Sinda kukagula mankhwala. Anali timibulu tabuluu m'kapaketi, ndipo wogulitsayo anandichenjeza kuti amapha pang'onopang'ono, khoswe amayenda nawo masiku angapo asanafe. Kunyumba ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, woti chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa. Ndiye ndinasamala mpaka apongozi kundiseka. Ndinavala pulasitiki m'manja, timibuluto ndinatilowetsa pakati pa chidutswa cha paipi, n'kuchikankhira kuseri kwa matumba a nsawa, chipindacho n'kukhoma. Khoswe aliyense amene ndamupeza atafa ndinkamunyamula ndi khasu kukaponya m'chimbudzi. Ndinkati ine ndathana nazo.

Inali nyengo yokolola, chimanga chili pamikukwe. Amuna anga ndi munthu wa mbewa. Khoswe sangamukhudze n'komwe, koma mbewa ya kumunda, mungawapatse nkhuku akuuzani kuti dikirani kaye. Sabata imeneyo ankabwera nazo tsiku ndi tsiku, akudzitama.

"Amake mwana, mbewa za chaka chino n'zopusa," anatero. "Masana dzuwa lili pamutu, zili yakaliyakali kumalire uko. Palibe kukumba una, umangotola."

Ankazitumbula kuseri kwa khitchini, zam'kati zonse n'kumaponyera galu wathu. Ine ndinkaziwiritsa ndi mchere n'kuziwamba. Mwana uja ankakhala pamiyendo pa atate ake, iwo akumunyotsolera, iye akunyambita zala.

Anayamba ndi galuyo. Mmawa wina sanadzuke kutsatira amuna anga kumunda. Anagona pansi pa nkhokwe akupumira m'mwamba. Nditamutukula mlomo ndinaona nkhama zake zayera mbee, ndipo pamene anakodza panali magazi. Sindinamve kuti wamenyedwa, bala analibe. Ndinathamangira kuchipinda cha nsawa, loko ali chikhomere, paipi ili pamalo pake. Nanga wazitenga kuti?

Ndili chiimire choncho, anafika alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene munda wawo unagundana ndi wathu. Anayang'ana galuyo n'kupukusa mutu.

"Ameneyu wadya zakufa. Mwina wafika kumikukwe kwanga. Ndinathirako mankhwala sabata yatha ija, mbewa zinandithera chimanga."

"Mwati munathira chiyani, alamu?"

"Aja a makoswe. Ndinasakaniza ndi nsinjiro, ndinawaza pansi pa mikukwe."

Mbewa zoyenda masana, zongotola ndi manja. Sizinali zopusa ayi, zinali zikufa. Ndinawafunsa ngati anauzako munthu, iwo akuti munda ndi wawo, auzenji munthu. Mawu amene ndinawayankha sindingawalembe pano. Ndine wamkamwa, ndimadziwa, koma tsiku limenelo ngakhale apongozi sananditsekereze.

Mwana anali pakhonde akusewera ndi zitsononkho. Ndinamunyamula mwankhanza mpaka analira. Ndinamuyasamitsa, nkhama zili zofiira bwinobwino. Ndinamuvula diresi, kumutembenuza uku ndi uku. Pamwendo panali kachilema kakuda. Kodi anagwa dzulo, kapena ndi zomwezi? Sindinkakumbuka. Ndipo ndinakumbukira china choopsa: masiku awiri mmbuyomo tinali naye kumunda, ndinamukhazika pamthunzi wa mkukwe wa kumalire komweko, ine ndikusenda chimanga. Nsinjiro pansi, mwana wokonda kutola. Ndinamufunsa ngati anadya tinthu tabuluu. Anati eya. Nditamufunsanso anati ayi. Mwana wa zaka zitatu mungamudalire?

Apongozi anabwera ndi mkaka, akuti timumwetse kenako timulowetse chala kukhosi asanze. Ndinakana. Zimene anadya masiku apitawo zingatuluke lero? Ndinatuma amuna anga kwa alamu kukatenga chipaketi chenichenicho, tinakwera njinga yamoto, mwana pakati pathu. Ndinkangomugwira pamphuno kuona ngati kamfuno wayamba.

Kuchipatala tinapeza adokotala achizimayi, osapupuluma. Anawerenga paketi ija mbali zonse, n'kunena kuti tachita bwino kubwera nayo, chifukwa mankhwala a makoswe sali amtundu umodzi, ena amagwetsa munthu tsiku lomwelo.

"Awa amaletsa magazi kuundana," anatero. "Mbewa ikadya, ambiri amakhala m'mimba ndi m'chiwindi. N'chifukwa chake galu wanu wayamba, ndiye amadya zam'katizo tsiku lililonse. Mumnofu mumakhala ochepa, koma kuwiritsa musakudalire kuti kumawachotsa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwina mwanayu anatola yekha pansi."

Anatitenga magazi tonse atatu n'kuwathira m'timabotolo tagalasi. Titadikira, anapendeketsa. Onse anaundana. Ine ndinayamba kumanga mwana kumbuyo, koma adokotala anandikhazikanso pansi.

"Amayi, musasangalale msanga. Mankhwala amenewa amachedwa kuonekera, ndipo mbewa yomaliza wadya dzulo. Mubwere naye mkuja tidzamuonenso. Mukaona magazi m'mphuno, m'kamwa, mumkodzo, chimbudzi chakuda, kapena wafooka, musadikire kuti kuche. Mankhwala obwezera alipo, ndi vitamini K, koma afunika kufika nthawi yake."

Titabwerera tinapeza galu atafa. Tikanadziwa msanga, akuti nayenso akanathandizidwa ndi a zoweta. Amuna anga anakumba dzenje lakuya mpaka m'chiuno kuti agalu anzake kapena afisi asamufukule. Mbewa zowamba zotsala ndinaziponya m'chimbudzi, ndi mphika womwe sindinafune kuuonanso. Alamu anapita kukasesa pansi pa mikukwe ndi kutola mbewa zakufa, kenako anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti kumunda kwawo asatoleko kanthu. Sanapite mwa kufuna kwawo, ndinawaimirira ine.

Masiku awiri amenewo ndinali ngati wamisala. Mwana sindinamulole kuthamanga, kuopa angagwe. Akakodza ndinkagwada kuyang'ana dothi. Anadya phwetekere, mlomo n'kufiira, ine n'kuthamanga kuyesa ndi magazi. Kachilema ka pamwendo kaja ndinakazunguliza ndi khala kuti ndione ngati kakukula. Amuna anga nsima inawakanika. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala pamtondo, akuyang'ana manja awo.

"Ndinkamudyetsa ndi manja angawa," anatero. Ndinabwerera kwa mwana, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanawapweteka.

Tsiku lobwerera, mwana atangoona singano anayamba kukuwa ndi kundimenya pachifuwa. Anamubaya, anaika thonje, ine n'kumapanikiza osafuna kuchotsa chala. Ndinkaopa kuti ndikachotsa, magazi sasiya. Kabotolo anakaimika pathebulo, anatiuza kuti tisakakhudze. Ndinakayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Ndinapemphera, koma mawu onse anathawa, ndinatsala ndi amodzi okha: musanditengere uyu.

Adokotala anabwera, ananyamula kabotolo kaja, anakapendeketsa, kenako anakazondotsa kukamwa pansi. Palibe chinatsika. Magazi a mwana wanga anakakamira kumwamba, bii, ngati chiwindi.

"Ali bwino," anatero. "Chotsani chala, amayi, mukumupweteka."

Ndinachotsa. Pathonje panali kadontho kamodzi, kouma kale. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, ndipo ndinalira mpaka mwanayo anasiya kulira kwake n'kuyamba kunditonthoza ine.