Jekete la Ukwati ndi Uta wa Vayolini

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndinalowa m'gulu loimba mavayolini pa tchalitchi chathu ku Dambwa. Ndinali wamkulu pa onse, komanso womalizira m'luso. Wotsogolera gululo anali mayi wina wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, amene ankalankhula Chinyanja cha m'tauni muno, chimene makutu anga sanachizolowerebe.

Tsiku loyamba anayang'ana dzanja langa lamanja n'kuseka. "Ba ticha, iyi ni uta, si choko." Ndinali nditaugwira ngati ndikulemba pa bolodi, chala chachikulu chitawongoka gwa, chamkombaphala chikukanikiza. Anandiphunzitsa kupinda chala chachikulu kuti chiyang'anizane ndi chapakati, kuika kachala kakang'ono kopindika pamwamba pa mtengo wa uta, ndi kusiya kulemera kwa mkono kuti kutsike kokha. Anandionetsanso njira ya uta: pakati pa kamlatho konyamula nsambo ndi mathero a thabwa lakuda limene zala zamanzere zimapondapo. Utawo uyende mowongoka, molingana ndi kamlathoko.

Ndinavutika nthawi yaitali, koma mawu a vayolini anayera. Mwana wanga wamkazi atatomeredwa, anandipempha chinthu chimodzi: "Adadi, pa ukwati wanga mudzaimbe nokha ndime imodzi ya nyimbo." Ndinavomera, ndipo madzulo alionse ndinkayeserera kuchipinda, nditavala malaya okha chifukwa cha kutentha.

Pa kuyeserera komaliza ndinaganiza zovala suti yanga ya ukwatiwo, popeza asewere anga, makolo a mkwati, anali m'tchalitchimo kuona za zokongoletsa. Sutiyo inasokedwa ndikadali wochepa thupi. Ndinakweza vayolini, ndinakoka uta, ndipo chimene chinatuluka chinali kukwecha kwa lata lokokedwa pa simenti. Ndinaganiza kuti mawu achepa, choncho ndinakanikiza kwambiri. Kukwechako kunakula. Mayi a mkwati anaweramitsa mutu m'maluwa amene ananyamula, mapewa awo akugwedezeka. Thukuta linandiyenderera mpaka m'kolala.

Wotsogolera uja anakweza dzanja. "Imani, ba ticha. Bwezani, koma muyangane pamene uta ikhudza nsambo."

Ndinabwereza ndikuyang'ana. Nditafika chakunsonga kwa uta, chigongono chinakana kutambasuka, pakuti jekete linali litandimanga m'khwapa ndi kumsana. Mkono wonse unkakokera kumbuyo kuchokera paphewa, uta n'kupendekeka, n'kutsetserekera pamwamba pa thabwa lakuda lija. Pamenepo nsambo ndi yofewa, siipirira kulemera, ukaikanikiza, imatsamwa. Ndipo chifukwa cha mantha, chala changa chachikulu chinali chitabwerera ku choko.

"Vulani jekete," anatero.

"Mayi, pamaso pa asewere anga?"

"Asewere anu amvera kale vonse. Vulani chabe."

Ndinavula. Chigongono chinamasuka, uta unakhala m'njira yake, ndipo ndimeyo inamveka monga inkamvekera kuchipinda kwanga. Mayiyo sanandinyengerere. Anandiuza kuti ndisankhe: kuimba wopanda jekete, kapena kukhala pansi ndi jekete langa, wina n'kuimba ndimeyo m'malo mwanga.

M'mawa mwake ndinapita nalo kwa telala ku msika wa Maramba. Analitembenuza, nafufuza m'misoko, n'kupukusa mutu. "Mulibe nsalu yosala mukati umu, ba tate. Ngati mufuna, ning'ambe kumbuyo muzipita monga ba shikulu ba nyenje." Ankatanthauza gogo wa nyenje, wa mapiko ogawanika kumsana. Anzake anaseka, ine sindinaseke. Jekete lobwereka kwa mlamu wanga linali lalitali manja, moti linkaphimba zala.

Kwa anthu a msinkhu wanga, bambo wa mkwatibwi savula jekete m'tchalitchi. Pa moyo wanga wonse wa uphunzitsi sindinalowepo m'kalasi ndi malaya okha, ngakhale mwezi wa Okutobala. Mkazi wanga anandimvetsera ndikudandaula zonsezi, kenako anati, "Kodi mwanayu anapempha jekete, kapena nyimbo?"

Tsikulo nditamupereka mwana wanga kuguwa, ndinabwerera pa benchi, ndinavula jekete n'kuliika pamiyendo pa mkazi wanga. Ndinayenda kupita kutsogolo ndi malaya atanyowa kumsana, ndikumva maso a mpingo wonse pa chinyezicho. Wina wa kuchimuna ananong'ona mokweza kuti, "Ba tate bafuna kumenya ndani?" ndipo kuseka kunayenda m'mabenchi.

Sindinayang'ane munthu. Maso anga anali pa kampata kaja pakati pa kamlatho ndi thabwa lakuda. Ndinapinda chala chachikulu, ndinapuma, ndinalola uta kuyenda. Sunakweche, kupatula pang'ono potembenuka komaliza. Nditatsitsa vayolini, mwana wanga anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya velo.

Chithunzi cha mphindi imeneyo mwanayo ndi mwamuna wake anachipachika m'chipinda chawo chochezera, moyang'anana ndi khomo. Amuna onse m'chithunzimo ali m'majekete, kupatula ine. Ndikapita kukacheza, ndimakhala pa mpando umene uli pansi pake, kuti chikhale kumbuyo kwanga.