Masiku Opanda Basela

Mpunga watsopano ukangofika mumsika, wakale palibe amauyang'ananso. Chaka chimenecho ndinali ndi matumba anayi otsala pa benchi yanga ku Kawale, pamene galimoto yokaoda ku Karonga inali yoti inyamuke Lolemba. Mpamba wanga wonse unali m'matumbamo. Ndikanalephera kuutulutsa, anzanga akanakaoda, ine n'kutsala ndikuingitsa ntchentche.

Amuna anga ankasankha fodya ku Kanengo, ndipo malonda ankawadziwa ndi pakamwa pokha. "Amayi a mwana, ingodulani mtengo pakati, uthe lero lomwe," anatero.

Ndinaseka. Mbale ndinkagulitsa makwacha khumi, koma kuoda, thiransipoti ndi chiphaso cha msika zinkadya asanu ndi atatu. Kuchotsa kwacha imodzi wogula amaona ngati nthabwala, koma kwa ine linali theka la phindu, moti ndinafunika kugulitsa mbale ziwiri pamene ndinkagulitsa imodzi. Kuchotsa awiri kukanakhala kugwira ntchito yaulere. Ndinachotsa imodzi, n'kulengeza kuti ndi Lachinayi mpaka Loweruka basi.

Anthu anabweradi. Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake: mbale iliyonse ndinkaikaponso basela. Madzulo ndinayesa, n'kupeza kuti kadzanja kameneko kankadya theka la kwacha yotsalayo. Mawa lake ndinati basela wapita kutchuthi.

"Iii, asisi, mwayamba liti kuuma manja?" anandinyogodola makasitomala anga. Zinandipweteka, chifukwa ena tinkaimba nawo kwaya imodzi. Komabe anagula, ndipo pofika Loweruka madzulo kunatsala theka la thumba. Ndalama yokaodera inakwana.

Lolemba m'mawa, galimoto isananyamuke, kunabwera amayi ena achikulire a kumpingo kwathu, amasiye, amene sabata yonseyo anali kuchipatala kudwazika mdzukulu. Anamasula mfundo ya chitenje. Munali makwacha asanu ndi anayi okha.

"Mwanawe, ndamva kuti watsitsa. Wodwalayo akufuna phala la mpunga."

Kumbuyo kwawo kunaima azimayi awiri, makutu ali tcheru. Ndinadziwa kuti ndikangovomera, pofika masana Kawale yense amva kuti Loweruka langa silitha, ndipo palibe adzandipatsenso khumi, ngakhale pa mpunga watsopano.

"Zinatha Loweruka, amayi. Lero ndi khumi," ndinayankha mokweza.

Anaweramitsa nkhope. "Ndiye ndiyesere wa ndalama yangayi."

Ndinayesa mbale yosadzaza bwino, aliyense akuona, n'kukhuthulira m'jumbo mwawo. Kenaka ndinati, "Koma basela wabwerako kutchuthi." Ndinatapa kamodzi, n'kutapanso ndi manja onse awiri.

Ananyamula jumboyo n'kuimva kulemera kwake. Sanathokoze mokweza. Anangondigwira pamkono, n'kuuza azimayi aja kuti, "Ndi khumi, anzanga. Mwanayu sasintha mawu."