Pepala la Madzi m'Manja mwa Apongozi

Chaka chimene anandisankha kukhala mlembi wa sikimu yathu ya mthirira ku Kaphuka, sanandisankhire nzeru ayi. Anandisankhira foni. Mwa alimi onse a m'sikimumo, ine ndekha ndinali ndi foni yojambula, imene anandigulira bambo a kunyumba kwanga. Iwo nthawi imeneyo ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza ndipo ankangobwera mwezi ukatha. Anzanga onse anali ndi timafoni tamabatani, tosaonetsa chithunzi, tongolandira uthenga wa mawu.

Chilimwe chimenecho madzi anachepa ndipo anthu anayamba kulandana makasu pa ngalande. Gulu linagwirizana zotseka madzi mpaka alangizi atagawa masiku, ndi kuti aliyense alandire tsiku lake pa foni kuti likhale umboni wake. Alangizi anasindikizadi ndandanda ku Boma, n'kuisiya kwa wapampando, iwo n'kupita ku maphunziro kumene foni yawo sinkapezeka. Madzi anayenera kutsekulidwa Lolemba, koma pokhapokha mauthenga atapita. Ine ndinali nditangowokera kumene mbande za kabichi kumapeto kwenikweni kwa ngalande, ndipo zinali zitayamba kale kugwetsa makutu. Kabichi ameneyo ndiye anali ndiwo ndi sopo wa ana anga mpaka mvula.

Ntchito yake inkaoneka yamasewera. Mu fonimo muli pulogalamu imene ukajambula pepala, imawerenga zilembo n'kuzisandutsa mawu oti ukhoza kukopera ndi kutumiza. Ndandandayo inali ndi mizere inayi yotsika: dzina, nambala ya munda, tsiku, ndi nthawi. Maina anali odzaza pepala, atizilembo ting'onoting'ono ngati nthangala za mpiru. Ndinkati ndijambula kamodzi, ndibwerera kukachapa.

Vuto linali lakuti wapampandoyo anali apongozi anga aamuna.

Musaganize kuti anali munthu wankhanza. Anali ofatsa mpaka kukwiyitsa. Koma chaka chapitacho munthu wina anabwereka pepala ngati lomweli n'kukasintha tsiku lake ndi bolopeni, ndiye gulu linalamula kuti pepala lisamachoke m'manja mwa wapampando. Apongozi anawamva mawuwo monga momwe analili: m'manja. Komanso kwathu kuno mtengwa sayandikira apongozi aamuna, ndipo kuima chilili iwo atakhala ndi chinthu choti mudzi wonse ungachikambe mpaka kukolola. Ukafuna kulankhula nawo umagwada patali, maso pansi. Kuti angondiwerengera okha sizikanatheka, chifukwa maso awo anali atasiya kale kuona tizilembo totere.

Loweruka m'mawa ndinapita. Ndinawapeza m'nyumba pa mpando wawo, ndipo nyumba za kwathu kuno mawindo ake ndi aang'ono chifukwa cha kuzizira. Ndinagwada pakhomo. Anatulutsa pepalalo m'thumba la jekete, lili m'kajumbo kapulasitiki koonekera, lopindidwa panayi. Analitambasula pa maondo, osalichotsa m'kajumbomo, n'kunena kuti ndijambule. Ndinakweza foni ndili chigwadire. Chithunzi choyamba chinatuluka chakuda ndi chogwedera, chifukwa mumdima foni imachedwa kutsekera chithunzi ndipo dzanja la munthu silikhala chete. Ndinayatsa fulashi. Pulasitiki ija inabweza kuwala konse, pakati pa pepala panangoti mbee, maina a anthu a pakatiwo osaoneka ndi limodzi lomwe. Langa linali momwemo.

Ndinapempha mwaulemu kuti achotse kajumboko ndi kuti tituluke panja. Anavomera, koma anayamba afunsa ngati foniyo siingafufute zilembo. Ndinawatsimikizira, mtima ukuwira.

Panja ananyamula mpando n'kukakhala padzuwa, poti kunali kamphepo. Ine ndinagwadanso patali. Kuchokera pamene ndinalipo, pepala linkaoneka kang'ono, ndiye ndinakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Zilembo zinakula, inde, koma zinafufuma ngati buledi wogwera mu tiyi. Kukoka koteroko kumangotambasula zimene foni yaona kale, sikuwonjezera kanthu. Ndinasendera pang'ono ndi maondo, ndikuyang'ana ngati amayi, apongozi anga aakazi, akundiona. Ankandiona. Anali pa mtondo, munsi uli m'mwamba.

Chithunzi chimenecho ndicho chinandipusitsa, chifukwa ndi maso chinkaoneka ngati chabwinoko. Koma ndinajambula chammbali komanso chapansi, motero pepala linatuluka lotambalala kufupi ndi ine, lowonda kutsogolo, mizere yopingasa ikutsetsereka ngati mizere ya m'munda wa paphiri. Pulogalamu ija imatsata mzere kuchokera ku dzina mpaka ku nthawi. Mzere ukapendekeka, imanyamuka pa dzina la munthu uyu n'kukafikira pa tsiku la munthu wapamwamba pake. Pamene panali mapindo, pepala linatukuka ngati denga, ndipo apo inasakaniza nambala ya munda ndi nthawi n'kupanga chinthu chimodzi. Mayi wina wamasiye inam'patsa masiku awiri. Mkulu wina wa kwaya inam'siya wopanda tsiku. Ine inandipatsa Lolemba m'mawa, ndipo sindibisa, mtima wanga unadumpha.

Koma zoterozo ungatumize? Anthu akanakumana atatu pa ngalande imodzi, aliyense atanyamula foni ngati umboni, ndipo wotukwanidwa ndikanakhala ine. Ndinauza apongozi kuti sizinatheke. Iwo anadabwa kwambiri, amvekere pepala lili bwinobwino, mwina foniyo yatopa. Ndinajambulanso, ndi kujambulanso. Nthawi ina ndinatambasula mkono mpaka foni inafika pamwamba pa maondo awo, ine thupi lili kutali ngati ndikupatsa galu wolusa chakudya. Apo mthunzi wa foni ndi wa mkono wanga unagwera pa pepala, theka loyera mothobwa m'maso, theka lakuda, ndipo pulogalamu inawerenga theka loyera lokha. Ndinatsitsa foni kuti ndithawe mthunzi, koma inayandikira kwambiri n'kudula mzere wa maina, kutsala masiku opanda eni ake. Kamphepo nako kankangotukula ngodya. Maondo anga anali atachita dzanzi, mabatire akutha, ndipo apongozi ankandifunsa modekha ngati ndamaliza, chifukwa ankafuna kukaona mbuzi.

Ndinabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ndinadzera kudimba. Mbande zinali zitagona pansi, dothi litang'ambika. Ndinatunga zidebe zingapo pa mjigo, koma mjigo uli kutali ndi dimba ndipo madzi a pamutu sathirira munda. Ndinakwiyira alangizi, ndinakwiyira wakuba tsiku wa chaka chatha uja, ndinakwiyira bambo a kunyumba kwanga amene akanangoima pafupi ndi bambo awo n'kujambula popanda wina kutsokomola. Ndinawaimbira. Anaseka, amvekere ndingowauza mdalayo zoona. Kunena n'kosavuta uli pamwamba pa phiri.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapitanso, nditanyamula thabwa losalala la paini limene linatsala pokhoma shelefu. Ndinagwada pamalo panga pa masiku onse, koma ulendo uno ndinalankhula. 

"Bambo, mundikhululukire. Foni iyi sidziwa ulemu. Imafuna pepala ligone pa chinthu chosalala, pamthunzi powala bwino, ndipo iyo ikhale pamwamba pake ndendende, kuyang'anizana nalo. Kuti zitero, ine ndiyenera kuima. Ndikapanda kuima, mawa madzi satsekulidwa."

 Amayi anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo manja awo anaima. Ndinadziwa kuti ndalankhula mopyola.

Kenako apongozi anafunsa kuti mthunzi wabwinowo uli pati. Ndinaloza kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa silinkafika koma kuwala kunali kokwanira. Ananyamuka, anatenga thabwa lija okha, n'kukaliika pansi pamenepo. Anatambasula pepala, analipinda chobweza m'mapindo muja, n'kulisita ndi chikhatho mpaka linagona. Ndinatola timiyala kuti tipsinje ngodya, koma anakana. Gulu linati m'manja. Ndiye apongozi anga aja, ndi jekete lawo la ku tchalitchi, anagwada pa dothi, n'kupsinja m'mphepete mwa pepala ndi nsonga za zala.

"Imani, mayi," anatero, osandiyang'ana. "Zala zangazi zikuphimba maina?"

Zinkaphimbadi mutu wa mzere womaliza, ndipo ndinawapempha kuti azisendeze. Ndinaima. M'moyo mwanga ndinali ndisanaonepo pamwamba pa mutu wawo, ndipo sindinkadziwa kuti pakati pake tsitsi linatha. Manyazi anandigwira. Ndinapukuta diso la foni ndi chitenje, ndinaigwira ndi manja awiri, zigongono nditazikanikiza m'nthiti. Ndinaikweza pang'onopang'ono mpaka ngodya zonse zinayi zinalowa, pepala litadzaza chithunzi, m'mphepete mwake mukuyenda molingana ndi m'mphepete mwa foni. Ndinagogoda pakati kuti zilembo zithwe, ndinagwira mpweya, n'kujambula.

Ulendo uno zinatuluka monga zinalili, dzina lililonse ndi munda wake, tsiku lake, nthawi yake. Sindinakhulupirire msanga. Ndinagwada pafupi ndi thabwalo, pafupi kuposa mmene ndinayandikirirapo apongozi, n'kuyerekeza mzere uliwonse ndi pepala. Penapake inawerenga nambala wani ngati chilembo, ndinakonza ndi dzanja. Mayi wamasiye uja anatsala ndi tsiku limodzi. Mkulu wa kwaya anapeza lake.

Apongozi anayesa kudzuka, maondo anakana. Ndinatambasula dzanja, n'kulibweza, chifukwa kuwagwira sindikanatha. Amayi ndiwo anabwera, nyemba zili m'chitenje, n'kuwadzutsa, akung'ung'udza kuti ukalamba wafika ndi zachilendo. Ine sanandiyang'ane, ndipo mpaka lero nkhaniyi sanaitchulepo.

Atakhala pa mpando, akusasa fumbi pa thalauzi, apongozi anandifunsa kuti nanga tsiku langa ndi liti. Ndinali nditaliona kale. Lolemba lija linali la mwini dzina la pamwamba pa langa.

"Lachisanu masana, bambo."

Iwo ankadziwa mmene mbande zanga zinalili, chifukwa njira ya ku mbuzi zawo imadutsa padimba langa. Anagwira thumba la jekete pamene panali pepalalo, n'kubwezanso dzanja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa pichesi n'kutumiza mauthenga onse umodziumodzi, wanga womwe ndinadzitumizira kuti ndikhale ndi umboni ngati anzanga.

Lolemba m'mawa madzi anatsekulidwa ndipo panalibe amene anakangana. Madziwo ndinkawamva akuyenda m'ngalande ya kumtunda ine ndikudutsa ndi chidebe pamutu. Ndinasankha mabedi awiri oyandikira njira n'kumawathirira m'mawa ndi madzulo, enawo ndinkangodutsa osayang'anako. Pamene madzi anafika kwa ine Lachisanu, ndinawatsekulira m'mabedi onse, ngakhale mmene munali mutatsala timitengo touma.