Chipinda cha mana Madalena

Mukafika pa msika wa Furancungo mufunse za telala wamkazi amene ankakhala pansi pa mbawa, adzakuuzani kuti anapita kumudzi. Mukafunsa ine Sónia, wogulitsa maheu ozizira uja amati pakamwa pake sipatsekeka, ndikuuzani zambiri, chifukwa ndinakhala naye nyumba imodzi zaka zisanu ndi chimodzi.

Telalayo, mana Madalena (kwathu kuno mana ndiye kuti achemwali), anabadwira ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, nabwera kuno ali kumbuyo kwa mayi awo. Kusoka anaphunzira okha pophwasula diresi lakale. Ukwati unalipo, koma mwamuna anapita ku Tete kukafuna ntchito, mpaka lero akufunabe. Munthu wake ndi wosayankhulayankhula. Ine ndikamatukwanizana ndi a njinga zamoto, iwo ankangoluma ulusi n'kunena kuti, "Sónia, maheu akutentha."

Tinkakhala atatu: iwo, ine, ndi Telma, mphunzitsi wa ku pirimaria, mwana wa dzanadzanali koma wodziwa masamu. Renda ya nyumba inali 2.400 pa mwezi, aliyense 800. Energia, ndiye kuti magetsi, tinkagula ya 600, aliyense 200. Za ndiwo, sopo ndi mafuta tinkaponya m'chitini chimodzi.

Mu Maio mayi awo anafa ziwalo mbali imodzi ku Chidzolomondo. Wowasambitsa panalibe. Mana anati apita, ndipo ine ndinati, "Pitani, mukabwere." M'mawa wa tsiku lonyamuka tinapeza kalata pa chivundikiro cha ndowa, atatsamiza ndi lumo. Taganizani, munthu wogona naye denga limodzi kukulembera kalata ngati boma! Telma ndiye anawerenga mokweza.

"Abale anga Sónia ndi Telma. Ndalemba chifukwa Sónia sangandilole kumaliza mawu.

Renda ya chipinda changa ndalipiriratu kwa mwini nyumba miyezi itatu, Junho, Julho ndi Agosto. Ndikapanda kubwera pofika pa 1 Setembro, ikanimo munthu wina. Awiri simungathe 1.200 aliyense, ndikudziwa matumba anu.

Chimanga chili m'chipinda changa ndi chanu, musachigawe. M'chitini muziponya monga kale, koma mafuta muzigula lita imodzi, osati awiri.

Za energia, ndanyamuka ine koma jeleira yoziziritsira maheu sinanyamuke, ndipo ndiyo imadya kwambiri. Sónia azipereka 300, Telma 200. Yotsalayo 100 ndizigula ine kuchokera komweko, malinga makina anga ali m'nyumba mwanu. Nambala ya kontadoro, mita ya magetsi ija, ndailemba."

Ndinaphulika. "Jeleira yanga yalakwa chiyani? Madzi ozizira mumamwa ndani?"

"Si jeleira ikukupweteka," anatero mana, akumanga katundu m'chitenje.

"Nanga pa 1 Setembro ndiye chiyani? Mwakhala kalendala inu? Mwalemba mafuta, mwalemba chimanga, koma mawu akuti ndidzabwera mulibe m'kalata monsemu!"

"Sindilemba zimene sindikudziwa."

Ndinawanyamulira katundu mpaka pokwerera njinga zamoto, ndikulalata njira yonse. Ndinamuuza wa njingayo kuti akawagwetsa asadzadutsenso pa msika. Makina osokera anatsala, chifukwa pa njinga yamoto sakanakwana, ndipo kumudziko osoketsa ndi ochepa.

Kwa osadziwa: magetsi athu ndi ogula usanayatse. Ukhoza kugula pa foni uli kulikonse, bola ukhale ndi nambala ya kontadoro. Amakutumizira manambala makumi awiri, ndipo wina wa kunyumba amawatayipa pa kontadoropo, magetsi n'kulowa. Kumudzi kwa mana kulibe ngakhale babu limodzi. Netiweki amakaipeza pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ulendo wa ola lathunthu. Koma pa 2 Junho foni yanga inalira: manambala makumi awiri, popanda moni. Ndinatayipa ndikutukwana. "Moni amagula, mana?" Ndikuyankhula ndi kontadoro, ine munthu wamkulu.

Julho chimodzimodzi. Agosto anawonjezera mawu awiri: "Amayi chimodzimodzi." Ndikaimba, foni yawo sinkapezeka. Ndinkalowa m'chipinda chawo kukasesa, kupukuta makina, kupalasa kamodzi kuti ndimve phokoso lija. Nyumba yopanda phokoso la makina imakhala ngati ya eni ake. Azimayi ankabwera ndi nsalu zawo, ine n'kumawauza kuti, "Sungani, abwera. Mukapereka kwa telala wina uja Daniel akakusokerani thumba la fodya."

Kumapeto kwa Agosto Telma anabwera ndi mtsikana wina, Lestina, wongoyamba kumene ntchito ku chipatala, akufuna chipinda.

"Mana Sónia, kalata inati pa 1 Setembro."

"Kalata ndi amako? Iwe mtsikana, muno mwadzaza. Tuluka."

Mwana wa eni anatuluka maso ali pansi. Telma anakhala pa mpando, nati mwakachetechete, "Ine 1.200 sindingathe. Ndimatumiza ndalama kwa ang'ono anga awiri."

"Ndani wakupempha? Ndilipira ine 1.600."

Ndinalipiradi ya Setembro. Ndalama yake inali yogulira shuga ndi chimera. Pofika pakati pa mwezi jeleira inkazizira yopanda kanthu, ine nditakhala pa msika ndi mabotolo khumi okha, a njinga akundiseka: "Mayi Sónia, kampani yagwa?" Ndinawayankha zimene sindingalembe pano. Koma mumtima ndinkadziwa kuti ya Outubro ndilibe. Ndinkangoti, chipinda chikakhala chotseguka, munthu amabwerera. Ukaikamo wina, wamuuza kuti asabwere.

Pa 2 Outubro foni inalira ndili pa msika. Manambala makumi awiri, ndipo pansi pake mawu ambiri kuposa onse amene mana anayankhulapo chaka chathunthu. Telma anali atawauza, kazitape ameneyu.

"Sónia, ndamva. Amayi sangadzuke, koma akudya bwino, mwina zitenga zaka. Usagwetse geni chifukwa cha chipinda chopanda munthu. Mpatse mwanayo, ukampepesenso. Makina uike kwako. Ndinati malinga ali m'nyumba mwanu, sindinati m'chipinda changa."

Ndinawerenga katatu. Ndinasiya mabotolo kwa mnzanga wa tomato, n'kupita ku chipatala. Lestina atandiona anafuna kubisala kuseri kwa chitseko.

"Bwera kuno iwe, sindiluma. Renda ndi 800, tsiku lake pa 5. M'chitini umaponya ngati anzako. Energia iwe ndi Telma 100 aliyense, ine 300."

"Nanga ikwana bwanji 600?"

"Pali wina amalipira. Usafunse zambiri."

Makina tinawakoka ine ndi Telma, akulemera ngati ng'ombe yakufa, mpaka anandiphwanya chala cha kuphazi. M'chipinda changa munalibe malo, choncho ndinatulutsa tebulo. Tsopano ndikamadzuka ndimayamba ndagunda bondo pa chitsulo chake, n'kuwatukwana eni ake ali ku Chidzolomondo.

Lestina ndi mwana wabwino, ndisaname. Amatsuka mbale osauzidwa. Koma anapachika nsalu yake yobiriwira pa zenera la mana, ndipo ndikamachokera ku msika sindiyang'anako.

Dzinja ladutsa kawiri chichokereni mana. Mwezi wathawu Telma anati tiwauze asiye, ndi zamanyazi kuti munthu wokhala mu mdima azigulira ife magetsi. Zoona zake ndi zomwezo. Ndinatenga foni, ndinalemba, ndinafufuta. Ndinamuuza Telma kuti akafuna alembe yekha, koma adzasamuke tsiku lomwelo.

Lero ndi pa 1. Foni ndaitchaja, yadzaza.